Kusonkhanitsa masamba ojambulidwa pa sikana mu PDF imodzi mwandondomeko

Sikana ikajambula chikalata cha masamba ambiri, kawirikawiri tsamba lililonse limatuluka ngati chithunzi chapachokha, cha mtundu wa JPEG, PNG kapena TIFF. Kuti chikalatacho chitumizidwe kapena kusungidwa monga chinthu chimodzi, zithunzizo zimaikidwa mu fayilo ya PDF, mtundu wa fayilo umene kampani ya Adobe inatulutsa mu 1993. Kuphatikiza zithunzizo si ntchito yovuta. Chimene chimavuta ndi ndondomeko ya masamba, chifukwa pulogalamu yophatikiza siwerenga zolembedwa pa tsamba ndipo siona nambala yosindikizidwa m'munsi mwake. Imangolandira mafayilo m'mene yapatsidwira, woyamba kubwera n'kukhala tsamba loyamba. Motero ndondomeko iyenera kukonzedwa PDF isanapangidwe, ndipo poyambira pake ndi maina a mafayilo.

Munthu akaona maina akuti `tsamba2.jpg` ndi `tsamba10.jpg`, amadziwa kuti 2 amayamba. Mapulogalamu ambiri amasanja maina ngati mawu a mu dikishonale, chilembo ndi chilembo kuchokera kumanzere. Akafika pa manambala amayerekeza 1 wa mu 10 ndi 2, n'kupeza kuti 1 ndi wocheperapo, ndiye `tsamba10.jpg` amatsogola. Chikalata cha masamba 12 chimatuluka chonchi: 1, 10, 11, 12, 2, 3, mpaka 9. Vutoli silioneka pa chikalata cha masamba 9 kapena ocheperapo, n'chifukwa chake munthu amene wakhala akuphatikiza masatifiketi atatu kapena anayi osaona cholakwika amadzadabwa tsiku limene wagwira lipoti lalitali.

Chosokoneza china n'chakuti foda ya pa Windows imaonetsa maina atasanjidwa monga amayembekezera munthu, 2 asanafike 10. Zonse zimaoneka zili bwino pa sikirini, koma pulogalamu yophatikiza ikatenga mafayilowo imawasanja m'njira yake. Zooneka mu foda sizitsimikizira ndondomeko ya mu PDF.

Njira yodalirika ndi kuika maziro kutsogolo kwa nambala kuti maina onse akhale ndi manambala ofanana kuchuluka: `001.jpg`, `002.jpg`, mpaka `010.jpg` ndi `011.jpg`. Zikatere, kusanja kwa chilembo ndi chilembo ndi kusanja kwa munthu kumapereka zotsatira zofanana, kaya pulogalamuyo ndi iti. Manambala awiri amakwanira masamba 99, atatu amakwanira 999, ndipo n'kwanzeru kungoyamba ndi atatu chifukwa chikalata nthawi zina chimakula kuposa m'mene chinkaonekera. Mapulogalamu ambiri a sikana amalola kusankha kalembedwe ka dzina ntchito isanayambe, zomwe zimapulumutsa munthu ku ntchito yosintha maina limodzilimodzi pambuyo pake. Kusanja potengera nthawi imene fayilo inapangidwa n'kosadalirika. Tsamba limodzi likajambulidwanso chifukwa linapendekeka, limathamangira kumapeto, ndipo mafayilo akakoperedwa kapena kulandiridwa pa foni nthawi yawo imatha kusintha.

Nkhani imakula pamene chikalata chinasindikizidwa mbali zonse ziwiri za pepala, koma sikana ili ndi chokokera mapepala chimene chimajambula mbali imodzi yokha. Chitsanzo chikhale lipoti la mapepala 12, kutanthauza masamba 24. Ulendo woyamba mulu wonse umaikidwa m'chokokera, ndipo pamatuluka zithunzi 12 za kutsogolo: masamba 1, 3, 5, mpaka 23. Kenaka mulu umatembenuzidwa wonse pamodzi n'kubwezeredwa m'makina. Pepala limene linali lomaliza tsopano ndi loyamba kukokedwa, choncho zithunzi za kumbuyo zimatuluka chobwerera: 24, 22, 20, mpaka 2. Zonsezi zikaphatikizidwa m'mene zatulukira, PDF imayamba ndi masamba onse a kutsogolo n'kumalizira ndi a kumbuyo obwerera m'mbuyo. Chofunika ndi kulowetsana magulu awiriwa: chithunzi choyamba cha kutsogolo chitsatidwe ndi chomaliza cha kumbuyo, chachiwiri cha kutsogolo chitsatidwe ndi chachiwiri kuchokera kumapeto, mpaka zonse zitatha.

Choyamba n'kusunga magulu awiriwa m'mafoda osiyana, ina ya kutsogolo, ina ya kumbuyo, kuti maina asasakanikirane. Ngati mapepala ndi ochepa, maina angasinthidwe pamanja ndi masamu osavuta. Chithunzi cha nambala `k` m'foda ya kutsogolo chimakhala tsamba `2k - 1`. M'foda ya kumbuyo, pamene mapepala onse ndi `n`, chimakhala tsamba `2(n - k + 1)`. Pa lipoti la mapepala 12, chithunzi chachitatu cha kutsogolo ndi tsamba 5, ndipo chachitatu cha kumbuyo ndi tsamba 20, chifukwa 12 kuchotsa 3 kuwonjezera 1 ndi 10, ndipo 10 kuchulukitsa kawiri ndi 20. Zithunzizo zikalandira maina `005.jpg` ndi `020.jpg`, zonse zikhoza kuikidwa mu foda imodzi n'kusanjika zokha.

Pa mapepala ambiri, ntchitoyi ndi bwino kuisiyira pulogalamu. NAPS2, pulogalamu yaulere yojambulira pa sikana, imaonetsa tizithunzi ta masamba onse ndipo pansi pa `Reorder` ili ndi malamulo awiri amaina ofanana. `Interleave` ndi ya pamene gulu lachiwiri likuyenda chakutsogolo, 2, 4, 6, pamene `Alternate Interleave` ndi ya gulu lobwerera ngati la lipotili. Kusankha lolakwika kumatulutsa 1, 24, 3, 22, zimene zimaoneka msanga pa tsamba lachiwiri. Kwa amene amalemba malamulo pa kompyuta, mapulogalamu awiri aulere, `img2pdf` ndi `qpdf`, amamaliza ntchito yonse m'mizere itatu:

```
img2pdf --pagesize A4 -o kutsogolo.pdf kutsogolo/*.jpg
img2pdf --pagesize A4 -o kumbuyo.pdf kumbuyo/*.jpg
qpdf --empty --collate --pages kutsogolo.pdf kumbuyo.pdf z-1 -- lipoti.pdf
```

Mizere iwiri yoyambirira ikupanga PDF ya foda iliyonse, ndipo kanyenyezi kakuimira maina onse a m'fodamo atasanjidwa chilembo ndi chilembo, kotero maziro aja ndi ofunikabe pano. Mu mzere wachitatu, `--collate` akutanthauza kutenga tsamba limodzi uku, limodzi uko, mosinthana, ndipo `z-1` akuuza pulogalamu kuti iwerenge fayilo ya kumbuyo kuyambira tsamba lomaliza mpaka loyamba.

Njira yonseyi imadalira chinthu chimodzi: zithunzi za kutsogolo ndi za kumbuyo zikhale zofanana chiwerengero. Pali zinthu ziwiri zimene zimaswa lamuloli. Choyamba ndi tsamba lopanda kanthu. Makina ambiri a sikana amatha kudumpha masamba osalembedwa kuti fayilo ichepe, zomwe ndi zabwino pa ntchito zina koma pano zimaononga. Ngati tsamba 10 la lipotili ndi losalembedwa ndipo sikana yalidumpha, za kumbuyo zimatsala 11. Masamba amayenda bwino mpaka 9, kenaka kumabwera 12, 11, 14, 13, 16, 15, mpaka kumapeto. Cholakwika chotere n'choopsa chifukwa munthu wongoyang'ana masamba oyambirira amakhutira n'kutumiza chikalatacho. Kudumpha masamba osalembedwa kuyenera kuzimitsidwa pojambula, ndipo ngati masambawo sakufunika, achotsedwe kulowetsana kutatha.

Chachiwiri ndi makina kukoka mapepala awiri nthawi imodzi. Zimachitika kwambiri pa mapepala akale, achinyezi, kapena amene anali omangidwa ndi sitepula, chifukwa timabowo take timagwirana. Ulendo umodzi umatulutsa zithunzi 12, wina 11, ndipo tsamba limodzi limasoweratu. Kupepesula mulu ndi chala usanalowe m'makina kumathandiza, koma chitsimikizo chenicheni ndi kuwerenga mapepala pamanja n'kuyerekeza ndi chiwerengero cha zithunzi m'foda iliyonse. Zikasiyana, tsamba losowalo lipezedwe ndi kujambulidwa, kenaka lipatsidwe malo ake zisanaphatikizidwe. Dzina ngati `007a.jpg` silodalirika, chifukwa makompyuta ena amaliika patsogolo pa `007.jpg` pamene ena amaliika pambuyo pake. Ndi bwino kungosintha manambala a zithunzi zotsatirazo.

Ndondomeko ikakhala bwino, pamatsala nkhani ya kukula kwa tsamba ndi kuoneka bwino kwa zilembo. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Likajambulidwa pa madontho 300 pa inchi, mulingo wokwanira zolembedwa wamba, limatuluka ndi madontho 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali. Chithunzi cha pa sikana chimasunga mulingowu m'kati mwake, koma chojambulidwa ndi foni nthawi zambiri sichikhala ndi mulingo woona. Pulogalamu ya `img2pdf` ikapeza chithunzi chopanda mulingo imaganiza kuti ndi madontho 96 pa inchi, ndipo tsamba lomwe lija limakhala lalifupi loposa masentimita 65. Ichi ndi chimene chimapangitsa PDF ina kukhala ndi tsamba limodzi lalikulu kwambiri pakati pa masamba abwinobwino, ndipo `--pagesize A4` amaletsa zimenezi pokakamiza masamba onse kukhala ofanana.

Ubwino wina wa `img2pdf` ndi wakuti imaika chithunzi cha JPEG mu PDF m'mene chilili. JPEG imachepetsa fayilo potaya tinthu tina ta chithunzi, ndipo nthawi iliyonse imene chithunzi chapanikizidwanso, tinthu tinanso timatayika, m'mphepete mwa zilembo n'kuyamba kuoneka zimbuuzi. Mapulogalamu ena ophatikiza amapanikizanso zithunzi osanena. WhatsApp nayonso imachepetsa zithunzi zotumizidwa ngati zithunzi ndipo imazipatsa maina ake, kotero masamba amafika atafooka komanso atataya manambala awo. Kuwatumiza ngati zikalata kumasunga fayilo ndi dzina lake. Pa chikalata chachinsinsi, monga cha kuchipatala kapena cha kubanki, mapulogalamu ogwira ntchito pa kompyuta pomwepo ndi oyenera kuposa masamba a pa intaneti ophatikiza PDF, chifukwa amenewo amafuna kuti chikalata chonse chitumizidwe kwa eni ake.

PDF ikapangidwa iyenera kufufuzidwa isanatumizidwe. Chiwerengero cha masamba chifanane ndi cha pamanja, 24 pa lipotili. Kenaka aonedwe malo amene zolakwika zimabisala: tsamba lachiwiri, limene limaulula ngati gulu la kumbuyo silinatembenuzidwe, pakati pa 9 ndi 10, komanso pakati pa 99 ndi 100 pa chikalata chachitali, pambuyo pa tsamba lililonse losalembedwa, ndi masamba awiri omaliza. Nambala ya mu PDF ingasiyane ndi yosindikizidwa ngati chikuto sichinawerengedwe, koma kusiyanako kuyenera kukhala kofanana kuyambira koyamba mpaka komaliza, ndipo pamene kwasintha ndi pamene tsamba lasowa kapena labwerezedwa. Chikalata chopanda manambala chimafufuzidwa powerenga mzere womaliza wa tsamba lililonse ndi woyamba wa tsamba lotsatira, kuona ngati chiganizo chikupitirira. Tsamba limodzi kapena awiri osokonekera angakokedwe ndi mbewa ya kompyuta kupita pamalo ake mu pulogalamu ngati PDF Arranger, popanda kuyambiranso ntchito yonse. Zithunzi zoyambirira zisungidwe m'mafoda ake awiri mpaka kufufuzaku kutatha.