Shapefile kapena GeoPackage: mapu athu tiwasunge motani?

Mapu a pakompyuta amamangidwa mosanjikiza. Misewu imakhala payokha, mitsinje payokha, malire a midzi paokha, ndipo chilichonse mwa izi ogwira ntchito za mapu amachitcha leya. Leya ili ndi mbali ziwiri. Pali zojambula zomwe timaona pamapu, kaya ndi madontho, mizere kapena zigawo za malo, ndiye kuseri kwake kuli tebulo. Mjigo uliwonse wooneka ngati kadontho uli ndi mzere wake m'tebulomo, ndipo madanga a tebulolo amanena dzina la mudzi, kuya kwa mjigo, chaka chomwe unakumbidwa ndi zina zotero. Munthu akamasunga leya mu pulogalamu ya QGIS amafunsidwa mtundu wa fayilo, ndipo ambiri amasankha pakati pa shapefile ndi GeoPackage. Pamapu simungaone kusiyana. Kusiyana kumaonekera m'tebulo ndi m'foda, ndipo nthawi zambiri kumaoneka zinthu zitalakwika kale.

Shapefile inapangidwa ndi kampani ya Esri ya ku Amereka kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, ndipo malamulo a kapangidwe kake anasindikizidwa poyera mu 1998. N'chifukwa chake pafupifupi pulogalamu iliyonse ya mapu imaitsegula. Koma tebulo lake linabwerekedwa ku dBASE, pulogalamu yakale koposa shapefile yeniyeniyo, ndipo mavuto ambiri amachokera kumeneko. GeoPackage ndi yam'mbuyomu. Bungwe la Open Geospatial Consortium linaivomereza mu 2014, ndipo QGIS 3, yomwe inatuluka mu 2018, imaiika patsogolo posunga leya.

Tiyerekeze kuti ofesi ya zamadzi paboma lina yachita kalembera wa mijigo. Alangizi azungulira midzi ndi mafoni, ayankha mafunso pa fomu ya KoboToolbox, ndipo tebulo labwera ndi madanga a mayina omveka bwino. Wina muofesimo wasunga leyayo ngati shapefile. Dzina la danga mu shapefile silipitirira zilembo 10, choncho pulogalamu imadula yokha, ndipo mayina awiri akafanana atadulidwa imaika nambala kumapeto:

```
chiwerengero_amuna  ->  chiwerenge
chiwerengero_akazi  ->  chiweren_1
chiwerengero_ana    ->  chiweren_2
```

Manambala onse alipo, palibe latayika. Chatayika ndi tanthauzo lake. Amene anapanga fomuyo akhoza kukumbukira kuti amuna anali oyamba, akazi achiwiri. Nanga amene adzalandire fayiloyo chaka chamawa, mwini fomuyo atasamutsidwira ku boma lina? Adzangoganizira, ndipo lipoti likhoza kutuluka litaika chiwerengero cha ana pamalo pa akazi popanda wodziwa. Choipanso n'chakuti nambala ya kumapetoyo imatsata mndandanda wa madanga. Fomu ya chaka chamawa ikasintha kayalidwe ka mafunso, `chiweren_1` ya chaka chino ndi ya chaka chamawa zidzakhala zinthu ziwiri zosiyana, ndipo woziphatikiza adzasakaniza manambala pulogalamu osadandaula. Mafomula, mitundu ya pamapu ndi zolumikiza matebulo zomwe zinkadalira dzina lakale zimalekanso kugwira ntchito. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: mukatsegula tebulo n'kupeza mayina othera panjira, ena okhala ndi `_1` ndi `_2`, dziwani kuti leyayo inadutsa mu shapefile. Kuisandutsa GeoPackage panthawiyi sikubweza mayinawo. Muyenera kubwerera ku tebulo loyamba lija.

Tebulo la shapefile lili ndi malire ena. Madanga sapitirira 255, ndipo mafomu aatali a kafukufuku amafika pamenepo msanga chifukwa funso limodzi la mayankho ambiri limabala madanga angapo. Danga la mawu limalandira mabayiti 254 basi. Mlangizi akalemba ndemanga yaitali yofotokoza kuti mjigo unaonongeka liti, komiti inasonkha zingati ndipo chomwe chikusowa n'chiyani, ndemangayo imaduka, ndipo apa zodukazo zimatayikiratu. Danga la tsiku limasunga tsiku lokha popanda nthawi. Palinso nkhani ya chilembo cha ŵ kwa amene amachilemba m'mayina a malo. Shapefile imadalira kafayilo ka `.cpg` kouza pulogalamu momwe zilembo zinasungidwira. Kakasowa, dzina lokhala ndi ŵ likhoza kutuluka ndi zizindikiro zachilendo, ndipo mudziwo sulumikizikanso ndi dzina lake m'tebulo lina. GeoPackage imasunga mawu onse mu UTF-8, imalola mayina aatali a madanga, ndipo imasunga tsiku pamodzi ndi nthawi.

Pa kukula kwa fayilo anthu amangomva zoti shapefile imathera pa 2 GB, n'kuganiza kuti zimenezo n'za mabungwe akuluakulu okha. Malirewo amakhudza fayilo ya zojambula, `.shp`, payokha, ndiponso ya tebulo, `.dbf`, payokha, ndipo yomwe imayamba kudzaza kawirikawiri ndi ya tebulo. Kadontho kamodzi kamatenga mabayiti 28 mu `.shp`. Kalembera wa 2018 anapeza mabanja pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi. Mutaika kadontho pa banja lililonse, `.shp` ingakhale ya 112 MB yokha. Koma `.dbf` imasungira danga lililonse malo ake onse, kaya mwalembedwa kanthu kaya ayi. Danga lopatsidwa malo a mabayiti 254 limadya onse 254 pa mzere uliwonse ngakhale mutangolembamo "inde". Madanga 10 otere ndi mabayiti 2,540 pa mzere, ndipo 2 GB imadzaza pa mizere pafupifupi 845,000. Mabanja onse aja angafune tebulo la 10 GB. Kupitirira malirewo, mapulogalamu ena amakana kulemba, ena amalemba fayilo yomwe anzawo amalephera kuitsegula kapena amaiwerenga moperewera. N'chifukwa chake ndi bwino kuwerenga mizere musanasunge ndi mutasunga. GeoPackage imasunga zokhazo zomwe zalembedwa, ndipo malire ake ali kutali kwambiri moti chimayamba kukuletsani ndi disiki. Fulashi yokonzedwa mwa FAT32, mwachitsanzo, silandira fayilo yoposa 4 GB, ikhale ya mtundu wanji.

Tibwerere ku ofesi ija. Kupatula mijigo, ali ndi misewu, mitsinje, sukulu ndi malire a mafumu. Shapefile imodzi imasunga leya imodzi ya mtundu umodzi wa zojambula, ndipo "imodzi" imeneyo ndi mafayilo osachepera atatu: `.shp`, `.shx` ndi `.dbf`. Kuwonjezera `.prj` ndi `.cpg` akwana asanu, kotero maleya asanu aja ndi mafayilo 25 m'foda. Wosadziwa amatumiza `.shp` yokha pa imelo, wolandira n'kulephera kuitsegula. Kapena amaiwala `.prj`, yomwe imanena dongosolo la muyeso wa malo, ndipo wolandira amangosankha lomwe akuliganizira. Kuno kwathu zimenezi n'zoopsa, chifukwa mapu akale anayezedwa pa Arc 1950 pomwe GPS imagwiritsa WGS 84. Manambala a UTM 36S a madongosolo awiriwa amaoneka ofanana, koma mukawasokoneza mjigo umasuntha mamita mazana angapo, mpaka kukapezeka tsidya lina la mtsinje.

GeoPackage ndi fayilo imodzi ya `.gpkg`, yomwe mkati mwake ndi detabesi ya SQLite. Maleya asanu onse amalowa mmenemo, iliyonse ndi dongosolo lake la muyeso lolembedwa mkati momwemo. Mumalowanso matebulo opanda zojambula, monga mndandanda wa makomiti a mijigo, ndiponso mitundu ndi zizindikiro zomwe mwasankha mu QGIS, ngakhale mapulogalamu ena saziwerenga zimenezi. Chida cha `Package layers` mu QGIS chimasonkhanitsa maleya onse nthawi imodzi. Okonda kulemba malamulo akhoza kutero ndi GDAL:

```
ogr2ogr -f GPKG boma.gpkg mijigo.shp -nln mijigo
ogr2ogr -update boma.gpkg misewu.shp -nln misewu
```

Mawu a `-update` pamzere wachiwiri ndi amene akuuza pulogalamu kuti itsegule fayilo yomwe ilipo kale n'kuwonjezeramo leya.

Fayilo imodzi ili ndi zake zofunika kusamala, ndipo ndikufuna ndizinene momveka chifukwa otamanda GeoPackage amakonda kuzilumpha. Kuika zonse pamodzi kuli ngati kuthira chimanga chonse m'nkhokwe imodzi: n'kosavuta kuyang'anira, koma moto ukagwa palibe chotsala. QGIS ikafunsa kuti musankhe `Overwrite File` kapena `Overwrite Layer`, batani loyambalo limafufuta maleya onse, osati yomwe mukuikonza yokha. Pamene fayilo ili yotsegula, pambali pake pakhoza kuoneka timafayilo tiwiri tothera ndi `-wal` ndi `-shm`. Zomwe mwasintha posachedwa zikhoza kukhala zikadali mu `-wal`, choncho kukopera `.gpkg` yokha pa fulashi QGIS isanatsekedwe kungakupatseni fayilo yopanda ntchito ya tsikulo. Tsekani kaye pulogalamu, timafayiloto tichoke, kenako kopani. SQLite imalolanso wolemba mmodzi panthawi imodzi. Anthu atatu akamakonza fayilo yomweyo pa foda ya netiweki, ena amaona uthenga wa `database is locked`, ndipo fayilo ikhoza kuonongeka. Ofesi ikafika pamenepo ikufunika detabesi ya pa seva monga PostGIS.

Pali tinthu tina tiwiri tomwe timadabwitsa ongoyamba kumene. Mukafufuta leya mu GeoPackage, fayilo siichepa, chifukwa malowo amangosungidwira zodzabwera. Lamulo la `VACUUM`, lomwe QGIS ili nalo mu `Browser`, ndi limene limaifinya. Kenako pali danga la `fid`, nambala yomwe mzere uliwonse uli nayo yakeyake. Mukaphatikiza mijigo ya madera awiri, onse oyambira pa 1, kusunga kukhoza kukanika ndi uthenga wa `UNIQUE constraint failed`. Chotsani danga la `fid` pa leya yophatikizayo, pulogalamu ipereke manambala atsopano.

Ndikanakhala mu ofesi ija, leya yogwirira ntchito ndikanaisunga mu GeoPackage kuyambira tsiku lomwe tebulo latsika kuchokera pa mafoni, mayina asanadulidwe. Sindikanathira zonse m'fayilo imodzi: misewu, mitsinje ndi malire, zomwe sizisinthasintha, zikanakhala m'fayilo yake, mijigo yomwe ikukonzedwa sabata ndi sabata m'fayilo ina yomwe imakopedwa kwina pafupipafupi. Shapefile ikadali ndi malo ake, chifukwa mapulogalamu ena akale ndi mabungwe ena olandira mapu amafunabe yomweyo. Akaipempha, ipangeni kuchokera mu GeoPackage ngati kope lotumiza basi. Musanatumize, gwiritsani chida cha `Refactor fields` kuti mayina muwafupikitse nokha, akhale `amuna`, `akazi` ndi `ana`, muchepetse malo a madanga a mawu kuti agwirizane ndi zolembedwamo, ndipo musankhe UTF-8. Mafayilo asanu onse alowe mu zipi imodzi pamodzi ndi tsamba lofotokoza dzina lililonse lalifupi ndi dzina lake lonse, ndipo shapefile ikabwerera kwa inu itakonzedwa, zosinthazo muzilowetse mu GeoPackage polumikiza ndi nambala ya mjigo.