Mafayilo 24 a dzina limodzi: mmene filimu imasokonekera isanayambe kudulidwa

Pojambula filimu ya Apocalypse Now, yomwe inatuluka mu 1979, anthu anabwerako ndi zojambula zopitirira pang'ono maola 230. Walter Murch, mmodzi mwa akonzi ake, anawerengera kuti pa mphindi iliyonse imene anthu anaonera panali mphindi pafupifupi 95 zomwe zinajambulidwa. Nthawi imeneyo mulu wotere unkapezeka m'makampani akuluakulu okha. Lero achinyamata atatu okhala ndi makamera awiri akhoza kubwera ndi maola makumi angapo m'masabata awiri, ndipo vuto la komwe chinthu chili limawapeza chimodzimodzi.

Tiyerekeze kuti gulu lotere likupanga filimu ya mphindi 48 yonena za asodzi a usipa. Lajambula masiku 12 ku Mangochi, ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay, ndi makamera awiri a Sony, kandege kojambula kuchokera mumlengalenga, ndi makina a Zoom ojambulira mawu padera. Kamera iliyonse ikujambula maola awiri patsiku. Kanema wa 4K wojambulidwa pa mamegabiti 100 pa sekondi amadya magigabayiti pafupifupi 45 pa ola, choncho tsiku limodzi ndi magigabayiti 180, ndipo masiku 12 akupitirira materabayiti awiri. Onse pamodzi ndi maola 48, kutanthauza kuti pa ola lililonse lojambulidwa mudzalowa mphindi imodzi yokha mu filimu. Ntchito yaikulu ya mkonzi idzakhala kufunafuna mphindi imodziyo.

Kamera sidziwa kuti ili kunyanja kapena ku ukwati. Ya Sony imatcha chojambula choyamba `C0001.MP4`, chachiwiri `C0002.MP4`, n'kumapita choncho. Ngati inatcheredwa kuti iziyambiranso kuwerenga khadi ikafufutidwa, mawa lake imayambanso pa `C0001.MP4`, ndipo kamera inzake ikuchita zomwezo. Pakutha pa masiku 12 pakhoza kukhala mafayilo 24 a dzina limodzi. Mu imodzi muli agogo akufotokoza za mwera, mu ina muli bwato likukocheza, mu ina muli mapazi a wojambula amene anaiwala kuzimitsa kamera.

Ngozi yoyamba imabwera pokopera. Wina akathira zonse mu foda imodzi, kompyuta imafunsa ngati ilowetse fayilo yatsopano m'malo mwa yakale, ndipo munthu wotopa usiku amangovomera. Agogo aja apita basi, poti khadi yawo inafufutidwa dzulo. Ngozi yachiwiri ndi yachinyengo kwambiri chifukwa imadikira miyezi, ndipo kuti timvetse mmene imachitikira tiyenera kusiyanitsa foda ndi bini.

Foda imakhala pa hadidiraivu, ndipo m'menemo ndi momwe muli kanema weniweni. Bini imakhala mkati mwa pulogalamu yokonzera, kaya ndi Premiere Pro, DaVinci Resolve kapena Avid Media Composer. Pa maso imaoneka ngati foda, koma mu Premiere ndi Resolve mulibe kanema m'menemo: muli adiresi chabe yonena kuti fayilo yakuti ili pa diraivu yakuti, mu foda yakuti. Hadidiraivu ndi nkhokwe, bini ndi kabuku kolembamo kuti thumba lakuti lili pakona iti. Mukhoza kusuntha zinthu m'mabini mmene mungafunire, kuzitcha mayina ena, ngakhale kuika chojambula chimodzi m'mabini atatu, osadya malo ena pa diraivu. Koma mukasuntha foda kapena kusintha dzina la fayilo pa diraivu, adiresi ija imaloza popanda kanthu, ndipo sikirini imafiira ndi mawu akuti `Media Offline`. Pa Windows izi zimachitika ngakhale musanakhudze kalikonse: diraivu imene dzulo inali `E:` lero yakhala `F:` chifukwa wina anayamba walowetsa fulashi.

Kufiira kokhako si koopsa, chifukwa mumauza pulogalamu kuti ifufuzenso. Choopsa n'chakuti pofufuzapo imadalira kwambiri dzina la fayilo. Ikapeza `C0001.MP4` wa tsiku lina, nthawi zina imamulandira, kufiira kumachoka, ndipo aliyense amapuma. Zizindikiro zake zimaoneka pambuyo: mawu a agogo, omwe anachokera ku makina a Zoom, akumveka bwinobwino koma chithunzi chikuonetsa bwato, kachithunzi kakang'ono ka mu bini sikakugwirizana ndi dzina limene munalemba, kapena chidutswa chikuthera pakati chifukwa fayilo yolakwikayo ndi yaifupi. Mu Premiere, bokosi la `Link Media` limalola kuti pofananitsa muphatikizepo `Media Start`, yomwe ndi nthawi imene chojambula chinayambira, ndipo pamene mayina ndi obwerezabwereza ndi bwino kuchotsa chizindikiro pa `Relink others automatically` n'kulumikiza khadi imodzi pa nthawi.

Choncho foda ndi bini zizipatsidwa mafunso osiyana. Foda iziyankha kuti ichi chinachokera kuti, ndipo yankho limenelo silisintha mpaka filimu itatha. Bini iziyankha kuti ichi chigwira ntchito yanji, ndipo yankho limeneli lidzasintha kambirimbiri. Anthu ambiri amalakwitsa poika funso lachiwiri pa diraivu. Amapanga mafoda a "Asodzi", "Amayi ogulitsa", "Dzuwa kulowa", kenako amasowa kolowetsa chojambula chimene muli mayi wogulitsa akucheza ndi msodzi dzuwa likulowa, ndiye amachikopera katatu.

Pa diraivu ya gulu lathu, dongosolo lokwanira lingakhale ili:

```
USIPA/
  01_PULOJEKITI/
  02_ZOJAMBULA/
    20240603_Mangochi/
      A001/
      B001/
      MAWU001/
  03_NYIMBO/
  04_ZITHUNZI/
  05_ZOTULUTSA/
```

Tsiku likulembedwa kuyambira chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, kuti kompyuta ikamasanja mayina isanjenso masiku m'ndondomeko yake. Mukayamba ndi tsiku monga timalembera m'makalata, 01 Julaye amakhala pamwamba pa 03 Juni. `A001` ndi khadi yoyamba ya kamera A, ndipo nambalayi sibwerera pa 1 kukacha: tsiku lachiwiri limayamba ndi `A002`. Potero palibe makhadi awiri a dzina limodzi m'ntchito yonse, ndipo wina akanena pafoni kuti zili pa `B007`, palibe chofunsanso. Maziro akutsogolo ali ndi ntchito, chifukwa mapulogalamu ena amaika 10 patsogolo pa 2.

Mu foda ya khadi muzilowa khadi yonse mmene ilili. Pa Sony makanema amakhala mkati mwa `PRIVATE/M4ROOT/CLIP`, ndipo pambali pa fayilo iliyonse pali kafayilo kena, monga `C0001M01.XML`, kosunga zambiri za chojambulacho. Makamera akale a AVCHD amaduladula chojambula chachitali m'mafayilo angapo a `.MTS`, ndipo timafayilo ting'onoting'ono timene anthu amati n'topanda ntchito ndi timene timauza pulogalamu kuti zidutswazo ndi chinthu chimodzi. Wosankha mafayilo akuluakulu okha amadzadabwa kuyankhula kwa ola lathunthu kukudumpha pa malo olumikizira.

Kukoperako kukhale kotsimikizika. Magetsi akathima kapena waya akagwedezeka, fayilo ikhoza kuoneka kuti ilipo chonsecho ndi yoduka. `Clone Tool` ya mu DaVinci Resolve, yomwe ilinso mu mtundu waulere wa pulogalamuyi, imawerengera nambala yapadera kuchokera m'zimene zili mu fayilo ya pa khadi n'kuifananitsa ndi ya kopeyo. Khadi isafufutidwe zojambula zisanakhale pa madiraivu awiri, ndipo madiraivuwo asayende m'chikwama chimodzi.

Nanga mafayilo enieniwo asinthidwe mayina? Apa akonzi amasiyana maganizo. Ine ndimaona kuti malo abwino othetsera nkhaniyi ndi mu kamera momwemo. Makamera ambiri atsopano a Sony ali ndi `File Settings`, pomwe mungasankhe kuti manambala azipitirira osabwerera, ndiponso kuika dzina lanu ndi tsiku kutsogolo kwa fayilo. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri tsiku loyamba lisanayambe. Ngati sizinachitike, mayina asinthidwe kamodzi kokha, mafayilo asanalowe mu pulogalamu, ndipo dzina lakale lisatayidwe koma liwonjezeredwe kutsogolo, monga `20240603_A001_C0001.MP4`. Kusinthako kuchitike pa madiraivu onse awiri mofanana, apo ayi diraivu yosungira sidzathandiza tsiku limene yoyamba idzafe. Mafayilo a AVCHD aja okha asiyidwe mmene alili. Ndipo kudula kukangoyamba, nthawi yosintha mayina pa diraivu yatha.

Pali kanthu kena kamene kamatikhudza ife olemba Chichewa. Chilembo cha ŵ chimatha kusungidwa m'njira ziwiri zosiyana mkati mwa kompyuta ngakhale pa maso chikuoneka chimodzi, ndipo diraivu ikamayenda pakati pa Mac ndi Windows dzina lotere likhoza kukana kulumikizika. Kachizindikiro ka mu ng' nakonso kamasokoneza mapulogalamu ena. Pa diraivu lembani `Malawi` ndi `ngoma` ndi zilembo wamba, manambala ndi kamzere ka pansi. Kalembedwe koyenera kasungireni mu bini ndi m'mawu olembedwa pa filimu.

Mu pulogalamu, bini yoyamba ikhale chithunzithunzi cha diraivu, tsiku ndi tsiku, khadi ndi khadi, ndipo isakhudzidwenso. Ndi yomwe mumabwererako mukakayika ngati chinachake chinalowa. Pambali pake m'pamene pamabwera mabini ogwirira ntchito: oyankhula, aliyense bini yake, mawu a Zoom atagwirizanitsidwa kale ndi chithunzi, zithunzi zodzazira, monga maukonde, thandala loyanikira usipa ndi nyali za usiku panyanja, kenako mabini a zigawo za nkhani. Muno dzina likhoza kukhala lalitali ndi lomveka, monga "Agogo afotokoza mwera, pafupi, mawu abwino". Mayi wogulitsa uja ndi msodzi wake safunanso kukoperedwa katatu. Mukalemba mawu ofufuzira pa chojambulacho, `Smart Bins` mu Resolve kapena `Search Bin` mu Premiere zimachisonkhanitsa zokha paliponse pamene chikuyenera. Chofunika n'kugwirizana mawu amodzi. Wina akalemba "bwato", wina "ngalawa", wina "boti", kufufuza kudzabweretsa gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo palibe chimene chidzakuchenjezeni kuti zina zatsala.

Pomaliza pali mayina a filimu yodulidwayo. Liwu loti "yomaliza" lisapezeke pa dzina lililonse, chifukwa mwini ntchito akapempha kusintha kumabadwa "yomaliza yeniyeni", kenako "yomaliza yeniyeni 2". Manambala okha ndi okwanira: `USIPA_v01`, `USIPA_v02`. Musanasinthe chachikulu, pangani kope ya ndandanda yodulayo, kwezani nambala, yakaleyo muisunthire mu bini ya zakale. Fayilo imene mukutumiza kwa mwini ntchito itenge dzina lomwelo la ndandanda imene yachokerako. Akadzaimba patapita milungu itatu n'kunena kuti chigawo cha agogo chinali bwino mu ija munatumiza poyamba, mudzangowafunsa nambala ili pa fayiloyo, n'kutsegula `USIPA_v07` mu bini ya zakale, n'kukopera chigawocho.