Bwana akafunsa kuti malipiro alakwika pati

Pa ntchito yathu yokonza malipiro pali mawu amene sindifuna kuwaona mu uthenga wopita kwa bwana. Mawu ake ndi akuti "sisitemu inalakwitsa, koma takonza". Kompyuta imawerengera ndi manambala amene munthu anaipatsa, ndipo nambala ikakhala yolakwika imaigwiritsabe ntchito mokhulupirika mwezi ndi mwezi mpaka wina ataisintha. Bwana akalandira uthenga wotere sadziwa kuti akhudzidwa ndi anthu angati, sadziwa kumene ndalama zili, ndipo alibe choyankha antchito akaima pakhomo la ofesi yake. Choipitsitsa n'chakuti sangadziwe ngati vutolo libwerenso kumapeto kwa mwezi wotsatira.

Ndikufuna ndikuonetseni mmene uthenga wotere uyenera kukhalira, ndipo nditenga nkhani imodzi ya mu 2024 pa kampani ina imene ndimaiunikira mabuku.

Kuyambira pa 1 Epulo chaka chimenecho, boma linasintha magawo a msonkho wa PAYE, umene olemba ntchito amadula pa malipiro n'kukapereka ku MRA. Kale K100,000 yoyamba pa mwezi ndiyo sinkadulidwa msonkho, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, ndipo kupitirira K450,000 munthu ankalowa gawo la 30 peresenti. Malire osadula msonkho atakwera kufika pa K150,000, gawo la 25 peresenti linayamba kuthera pa K500,000. Kunena mwachidule, aliyense wolandira ndalama zoposa K100,000 ankayenera kuona kenakake kawonjezeka m'thumba kumapeto kwa Epulo, ngakhale bwana wake asanamukwezere ndi tambala yomwe.

Kampaniyo inkakonza malipiro pa Excel, m'mafayilo awiri: ina ya ku likulu, ina ya antchito 46 a kunthambi. Ya ku likulu inasinthidwa bwinobwino. Ya kunthambi inali yakale, ndipo amene anaipanga analemba malire a msonkho mkati mwenimweni mwa fomula, mzere uliwonse. Mbali yowerengera gawo la 25 peresenti inkaoneka chonchi:

```
=MAX(0,MIN(D5,450000)-100000)*0.25
```

Pamwamba pa fayiloyo panali kabokosi kosonyeza magawo a msonkho, ndipo kalaliki wa malipiro analembamo manambala atsopano monga anauzidwira. Koma kabokosiko kanali kongoonerapo. Palibe fomula imene inkatenga manambala kuchokera mmenemo. Pamaso zonse zinali zatsopano, pomwe mkati munali mukugwirabe 100000 ndi 450000.

Chimene chimandichititsa chidwi pa cholakwika chamtundu umenewu n'chakuti chinadutsa pa sefa yathu ya masiku onse popanda kugwidwa. Tisanatumize fayilo ku banki timayerekeza mwezi uno ndi mwezi watha, n'kufufuza paliponse pamene nambala yasintha. Pa Epulo ameneyo, kunthambi kunalibe chosintha: malipiro onse anali ngati a Malichi, msonkho ngati wa Malichi, zopita ku banki ngati za Malichi. Mwezi wina uliwonse zimenezi zikanakhala zokondweretsa. Mwezi umenewu kusasinthako ndiko kunali chizindikiro cha matenda, chifukwa msonkho unkayenera kutsika. Anaona vutolo ndi dalaivala wina wa kunthambi, amene anayerekeza peyisilipi yake ndi ya mnzake wa ku likulu wolandira mofanana naye. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limafuna kuti wantchito azipatsidwa kapepala kosonyeza malipiro ake ndi zonse zimene zadulidwa, ndipo phindu la kapepalako linaonekera pamenepa.

Kalalikiyo anali atalemba kale mizere iwiri yopepesa, yonena za sisitemu. Ndinamupempha kuti asaitumize mpaka titadziwa mutu ndi mchira wa nkhaniyo. Tinatenga munthu mmodzi wolandira K400,000 n'kuwerengera pamanja. Pa malire akale, K300,000 ndiyo inkadulidwa 25 peresenti, kutanthauza msonkho wa K75,000. Pa malire atsopano ndi K250,000 yokha, msonkho wake K62,500. Kusiyana kwake K12,500, ndendende zimene dalaivala uja ankadandaula. Nambala ikagwirizana chonchi mpaka pa tambala, mumadziwa kuti mwapeza gwero lenileni, simukungoganizira. Tinakonza fomula, n'kuwerengeranso anthu onse 46, ndipo uthenga umene unapita pa 3 Meyi unali uwu:

"Bwana, pa malipiro a Epulo antchito onse 46 a kunthambi anadulidwa msonkho wa PAYE wopitirira muyezo. Zonse pamodzi ndi K572,500. Antchito a ku likulu sanakhudzidwe, ndipo miyezi ya m'mbuyo ili bwino.

"Chinachititsa n'chakuti fayilo ya kunthambi inawerengera msonkho ndi malire akale a K100,000 m'malo mwa K150,000 amene anayamba pa 1 Epulo. Manambala atsopano analembedwa m'kabokosi ka magawo a msonkho, koma fomula sinkawerenga kabokosiko. Poyerekeza Epulo ndi Malichi sitinaone vuto chifukwa timafufuza zimene zasintha, ndipo apa palibe chinasintha.

"Anthu 38 anadulidwa K12,500 yowonjezera aliyense, asanu anadulidwa K15,000, ndipo atatu olandira K130,000, amene sankayenera kudulidwa msonkho n'komwe, anadulidwa K7,500. Mndandanda wa mayina ndauika pamodzi ndi uthengawu.

"Ndalamazi zikadali mu akaunti ya kampani chifukwa PAYE ya Epulo sitinapereke ku MRA. Penshoni sinakhudzidwe. Fomula yakonzedwa, ndipo anthu atatu ochokera m'magulu atatuwa tawawerengera pamanja, zagwirizana. Ku MRA tipereka nambala yolondola pa 10 Meyi.

"Chimene ndikupempha kwa inu ndi chilolezo choti tibweze ndalamazi Lolemba pa 6 Meyi, osadikira malipiro a Meyi, komanso kuti musayine kalata yodziwitsa antchito imene ndalemba. Pepani chifukwa cha vutoli."

Taonani kuti chiganizo choyamba chanena kale kukula kwa nkhani. Bwana wotanganidwa amawerenga uthenga pa foni ali pakati pa misonkhano, ndipo mwina afika mzere wachitatu basi. Akafika pamenepo azikhala atadziwa anthu, ndalama ndi mwezi. Azidziwanso amene sanakhudzidwe, chifukwa mtima wa bwana ukamva za malipiro olakwika umathamangira kuganiza kuti kampani yonse yasokonekera kuyambira Januwale.

Ndime ya chifukwa ndiyo imavuta kulemba, popeza pali mayesero awiri. Loyamba ndi kubisala kuseri kwa kompyuta. Lachiwiri ndi kuloza chala munthu: "wakuti sanasinthe fayilo". Zonse ziwiri sizithandiza. Pa nkhani iyi kalaliki anachita zimene anauzidwa, ndipo munthu wina aliyense akanagwa m'mbuna yomweyo. Akanachotsedwa ntchito, fomula ija ikanatsala momwemo kudikira bajeti yotsatira. Chifukwa cholembedwa bwino ndi chimene bwana angathe kuchitsimikiza yekha, atatsegula fayilo n'kuona 100000 ndi maso ake. Chiyeneranso kufotokoza chifukwa chimene kufufuza kwathu sikunagwire vutolo. Ambiri amalumpha chiganizo chimenechi poopa kuoneka ofooka, koma bwana wanzeru aliyense adzafunsa funsolo, ndipo ndi bwino alipeze litayankhidwa kale.

Kenako pali funso lakuti ndalama zili kuti. Kwa ine limeneli ndilo limasiyanitsa wodziwa ntchito ndi wongophunzira. Ndalama ya malipiro siyenda njira imodzi: ina imapita ku akaunti ya wantchito, ina ku MRA, ina ku kampani yosunga penshoni, ina ku ngongole kapena ku SACCO. Cholakwika chikachitika, muyenera kutsata njira iliyonse n'kunena ngati yakhudzidwa. Apa penshoni inapulumuka chifukwa 5 peresenti ya wantchito ndi 10 peresenti ya olemba ntchito zimawerengeredwa pa malipiro, osati pa zotsala msonkho utachoka, ndipo malipirowo anali olondola. Chikanalakwika ndi malipiro enieniwo, mwachitsanzo kubwereza ndalama zotsalira za mwezi wapita, ndiye kuti msonkho ndi penshoni zikanasokonekera limodzi.

PAYE imayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. N'chifukwa chake tsiku limene vuto lapezeka ndi lofunika kwambiri. Ife tinalipeza masiku akadalipo, choncho K572,500 ija inali isanachoke pakhomo, ndipo kukonza kunali kwapafupi: kubwezera eni ake, n'kupereka ku MRA nambala yotsika yolondola. Tinasankha pa 10 Meyi pokumbukira kuti pa 14 Meyi ndi tchuthi cha Kamuzu. Vutolo likanapezeka mu Juni, uthenga ukanakhala wina. Ndalama zikanakhala zili ku boma, miyezi ikanakhala iwiri, ndipo bwana akanafunika kusankha ngati kampani ibweze kaye za m'thumba mwake pamene ikukambirana ndi a MRA.

Pa zobweza msanga ndilibe maganizo awiri. Pali mabwana amene amati, "Tidzangowonjezera pa malipiro a mwezi wamawa." Pa mabuku zimenezi n'zosavuta, n'zoona. Koma kwa munthu wolandira K130,000, ndalama yokwana K7,500 ndi ya thiransipoti kapena ya ndiwo ya masiku angapo, ndipo ndi yake, anaigwirira ntchito. Kampani ilibe chifukwa chomveka chosungira ndalamayo milungu itatu. Komabe chilolezo chotulutsa ndalama ndi cha bwana, osati cha ife a malipiro, ndipo n'chifukwa chake uthenga umatha ndi pempho lomveka, lokhala ndi tsiku. Zikanakhala kuti antchito analipidwa mopitirira, pempholo likanakhala losiyana: kuwadziwitsa kaye, kugwirizana nawo molemba, n'kumadula pang'onopang'ono, osati kungowadzidzimutsa ndi peyisilipi yoperewera.

Bwanayo anavomera tsiku lomwelo. Ndalama zinalowa pa 6 Meyi, ndipo aliyense analandira peyisilipi ya Epulo yokonzedwanso, yosonyeza msonkho wolondola ndi mzere wapadera wa zobwezedwa, kuti zolemba za msonkho za chaka chonse zidzagwirizane ndi zimene zinaperekedwa ku MRA. Mafayilo awiri aja anayamba kutenga magawo a msonkho pa malo amodzi. Pa kufufuza kwa mwezi ndi mwezi tinawonjezera funso limodzi, lofunsidwa tisanayerekeze chilichonse: kodi mwezi uno n'chiyani chikuyenera kusintha? Ndipo magawo a PAYE akasintha, munthu amene sanakonze nawo malipiro amatenga antchito atatu, wolandira zochepa, wapakati ndi wolandira zambiri, n'kuwawerengera msonkho ndi kakyuleta, fayilo isanapite ku banki.