Wapolisi Akakuzunza, Ukadandaule Kuti?

Mu Febuluwale 2019, Buleya Lule anamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Anamangidwa pomuganizira kuti anatengapo mbali pa kubedwa kwa mnyamata wachialubino wa ku Dedza. Nkhaniyi ikanatha ngati mmene zimathera zina zambiri, maliro n'kuikidwa, anthu n'kuiwala. Koma bungwe loona za ufulu wachibadwidwe la Malawi Human Rights Commission linaloŵererapo, ndipo dokotala wopima mitembo, Charles Dzamalala, anapeza kuti mkuluyu anafa atatenthedwa ndi magetsi. Mu 2020 apolisi angapo anamangidwa, ndipo mu 2024 bwalo lalikulu linapeza asanu ndi mmodzi olakwa pa mlandu wakupha.

Panadutsa zaka zoposa zisanu, ndipo chomwe chinagwira mlanduwo nthaŵi yonseyi ndi umboni wa dokotala womwe unalembedwa nkhani ikadali yaiŵisi. Madandaulo ambiri okhudza nkhanza za apolisi amafera pamenepa: mabala amapola, mboni zimabalalika, ndipo wodandaula amafika ku ofesi yofufuza ali chimanjamanja.

Malamulo aakulu a dziko lino sabisa mawu. Gawo 19 limaletsa kuzunza munthu kapena kumuchitira nkhanza, ngakhale atakhala kuti wapalamuladi. Gawo 42 limati womangidwa auzidwe chifukwa chomwe wamangidwira, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Ngati maolawo athera pa tsiku lomwe makhoti sagwira ntchito, apite tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. Choncho kumenya munthu kuti avomere mlandu, kumusunga m'chitokosi sabata yathunthu osamutengera kukhoti, kapena kumuuza kuti alipire belo ya kupolisi, yomwe ndi yaulere, zonsezi ndi zifukwa zokwanira zokadandaulira.

Tiyerekeze mnyamata wa kabaza yemwe apolisi amugwira Lachisanu madzulo, kumuswa ndi zibonga mpaka kuthyoka dzanja, n'kumutulutsa Lolemba popanda mlandu. Ulendo wake woyamba ndi wa kuchipatala, tsiku lomwelo. Kumeneko auze dokotala mosapita m'mbali kuti amene amumenya ndi apolisi, ndipo aonetsetse kuti zalembedwa m'buku lake la kuchipatala pamodzi ndi tsiku, malo omwe avulala, dzina la amene wamuona ndi chidindo. Ena chifukwa cha mantha amanama kuti agwa panjinga, ndipo bodza limeneli limadzawatembenukira akafuna kudandaula, chifukwa ofufuza amakhulupirira zomwe zinalembedwa tsiku loyamba.

Apa pamakhala vuto lodziŵika bwino. Ripoti ya dokotala yokagwira ntchito pa mlandu nthaŵi zambiri imayamba ndi kalata yochokera kupolisi, ndipo n'zovuta kukaipempha kwa anthu omwewo amene akuvulaza. Njira yake ndi kupita ku siteshoni ina, kapena kupempha bungwe loona za ufulu kuti lithandize kupeza kalatayo. Kudikira kalata kusachedwetse chithandizo, poti zolembedwa m'buku la kuchipatala nazonso ndi umboni.

Akachoka kuchipatala, mbale wake amujambule mabala ndi foni tsiku lomwelo ndi masiku otsatira, popeza kutupa ndi mikwingwirima zimaoneka bwino pakapita tsiku limodzi kapena aŵiri. Zithunzizo azitumizenso kwa munthu wina wodalirika, chifukwa foni imatha kulandidwa. Malaya a magazi asachapidwe. Kenaka alembe zonse akadali kukumbukira: tsiku, nthaŵi, malo omwe anamugwirira, siteshoni yomwe anamutsekera, maina kapena maonekedwe a apolisiwo, nambala ya galimoto, komanso maina a anthu omwe anaona, kuphatikizapo omwe anali nawo m'chitokosi. Pa siteshoni iliyonse pali buku lomwe amalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, lotchedwa OB. Wodandaula akatchula tsiku ndi ola lenileni, ofufuza amatha kutsegula bukulo n'kuona omwe anali pantchito usiku umenewo.

Ngati munthuyo sanatulutsidwe koma wapititsidwa kukhoti, mwayi wake uli pamaso pa majisitireti. Anene pomwepo kuti wamenyedwa, aonetse mabala, ndi kupempha kuti khoti lilembe zimenezi komanso lilamule kuti apite kuchipatala.

Umboni ukakhala m'manja, funso lotsatira ndi la khomo loti agogode.

Khomo lomwe linakhazikitsidwira ntchito imeneyi ndi bungwe la Independent Complaints Commission, lomwe ambiri amangoti ICC. Lamulo la apolisi la 2010 ndi lomwe linalamula kuti bungweli likhalepo, koma panatha zaka khumi lili papepala pokha. Mkulu wake woyamba, loya Christopher Tukula, anasankhidwa mu 2020. ICC si nthambi ya polisi. Ntchito yake ndi kulandira ndi kufufuza madandaulo a anthu okhudza apolisi, kufufuza imfa kapena kuvulala kobwera chifukwa cha zochita za apolisi, komanso imfa ndi kuvulala kochitikira m'chitokosi. Nkhani ya mnyamata wa kabaza uja ndi ya kumeneku. Likulu la bungweli lili ku Lilongwe, ndipo kudandaula sikulipiritsidwa.

Kalata yodandaula siyenera kukhala yaitali kapena yachingerezi chapamwamba. Inene kuti wodandaula ndani ndipo angapezeke bwanji, ifotokoze zomwe zinachitika motsatira nthaŵi yake, itchule mboni, ndipo inene chomwe akufuna, kaya ndi chilango kwa wapolisiyo kapena kubwezeredwa katundu yemwe analandidwa. Aphatikizepo makope a mapepala a kuchipatala, enieniwo asunge kunyumba. Popereka kalatayo apemphe kuti kope yake idindidwe, ndipo alembe dzina la amene walandira ndi tsiku lake. Asawonjezere mchere pa nkhani. Ngati anamenyedwa ndi apolisi aŵiri anene aŵiri, chifukwa kukokomeza kumodzi kokha kukagwidwa, dandaulo lonse limayamba kukayikitsa.

Mphamvu za ICC zili ndi malire omwe wodandaula ayenera kuwadziŵa. Bungweli silizenga mlandu ndipo silipereka chipukutamisozi. Likamaliza kufufuza limapereka zomwe lapeza ndi maganizo ake kwa omwe ali ndi mphamvu yochitapo kanthu: akuluakulu a polisi ngati ndi nkhani ya mwambo wa pantchito, kapena mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma ngati wapolisiyo wapalamula mlandu.

Khomo lachiŵiri ndi Malawi Human Rights Commission, bungwe lokhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko lino lomwe limafufuza kuphwanyidwa kwa ufulu kwa mtundu uliwonse. Limatha kuyamba kufufuza palokha popanda wodandaula, ndipo malipoti ake ndi omwe anatsegula njira pa nkhani zikuluzikulu za m'zaka zapitazi. Ofesi ya Ombudsman imaona za kupanda chilungamo m'maofesi a boma, monga dandaulo lomwe langokhala osayankhidwa kapena katundu yemwe apolisi akukana kubweza popanda chifukwa, makamaka pamene wodandaula alibe njira yapafupi yopezera thandizo kukhoti. Nkhani ikakhala ya ziphuphu, monga wapolisi wapamsewu wofuna ya fanta kapena wogulitsa belo, oyenera kumva ndi a Anti-Corruption Bureau.

Polisi nayo ili ndi njira zake zamkati. Munthu atha kudandaula kwa mkulu wa siteshoni, kwa komishonala wa chigawo, kapena ku nthambi yoona za khalidwe la apolisi ya Professional Standards Unit. Njirayi imathandiza pa nkhani zing'onozing'ono monga chipongwe pakauntala kapena kuzengereza kulemba siteteminti. Pa nkhani ya kumenyedwa, kugwiriridwa kapena imfa, kudalira njirayi yokha n'kufunsa fisi za mbuzi yosoŵa.

Zomwe zinachitika kwa Msundwe zikuonetsa mmene makomo ameneŵa amalumikizirana. Mu Okutobala 2019, wapolisi Usumani Imedi anaphedwa ndi anthu ochita zionetsero pamalopa. M'masiku omwewo, amayi ndi atsikana a kwa Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anadandaula kuti apolisi omwe anatumizidwa kuderali anawagwirira ndi kuwachitira zolaula. A polisi analonjeza kufufuza, koma miyezi inadutsa popanda womangidwa. Malawi Human Rights Commission inachita kafukufuku wake ndipo ripoti yake inatsimikizira kuti nkhanzazo zinachitikadi. Atanyamula ripoti imeneyi, maloya achizimayi a bungwe la Women Lawyers Association anatengera nkhaniyi ku bwalo lalikulu m'malo mwa amayi ndi atsikana 18. Mu Ogasiti 2020, woweruza Kenyatta Nyirenda anagamula kuti polisi inalephera udindo wake ndipo analamula kuti boma lipereke chipukutamisozi. Chaka chotsatira khoti linaŵerengera ndalama zoti aliyense alandire.

Bungwe lofufuza linapeza umboni, maloya anaufikitsa kukhoti, ndipo khoti ndi lomwe linalamula za ndalama. Kulanga apolisi omwe anachita nkhanzazo, komabe, inali njira ina yapayokha, ndipo iyo inakhala ikukokakoka ngakhale chigamulo chitaperekedwa. Wodandaula aliyense azidziŵa kuti chipukutamisozi ndi chilango zimayenda m'misewu iŵiri yosiyana.

Wofuna chipukutamisozi amasumira boma kudzera kwa mlangizi wake wamkulu pa zamalamulo, ndipo lamulo limafuna kuti ofesiyo ilandire kaye kalata yochenjeza mlandu usanaloŵe m'khoti. Palinso malire a nthaŵi yomwe munthu angasumire, kotero kuonana ndi loya msanga n'kofunika. Wopanda ndalama apite ku Legal Aid Bureau, komwe kuli maloya a boma othandiza anthu osauka. Mabungwe monga CHREAA ndi PASI nawo ali ndi alangizi a zamalamulo omwe amayendera zitokosi ndi ndende.

Pa nkhani ya imfa, chinthu chovuta kwambiri kwa abale ndi kuchedwetsa maliro, koma thupi likaikidwa osapimidwa umboni waukulu umapita nalo kumanda. Abale adziŵitse ICC kapena Malawi Human Rights Commission tsiku lomwelo, apemphe kuti thupilo lipimidwe ndi dokotala woima payekha, ndipo asasaine pepala lililonse lomwe sanaliŵerenge, ngakhale atabwera nalo anthu onyamula bokosi ndi chipepeso.

Palibe lamulo loletsa kudandaula ku mabungwe aŵiri nthaŵi imodzi, bola aliyense auzidwe kuti nkhaniyi ili kwinanso. Wodandaula akayamba kulandira mafoni oopseza kapena kuuzidwa kuti "tingokambirana", alembe tsiku, nthaŵi ndi nambala yomwe yaimba, ndipo akapereke zimenezi kwa amene akufufuza nkhani yake ngati dandaulo lina lapalokha.