Kuwerengera kutsika kwa mtengo wa zipangizo za pamunda: njira ziwiri, thirakitala imodzi

Thirakitala, chigayo kapena pampu ya mthirira zimayamba kutsika mtengo tsiku lomwe zayamba ntchito. Injini imatha, zitsulo zimaperepeseka, ndipo pamsika pamabwera zatsopano zoposa zakalezo. Akatswiri owerengera ndalama salemba mtengo wonse wa chipangizo chotere ngati ndalama yowonongedwa m'chaka chimene chagulidwa, chifukwa chidzagwira ntchito zaka zingapo. M'malo mwake amaugawa m'zaka zonsezo, ndipo ndandanda ya kutsika kwa mtengo ndiyo imaonetsa gawo la chaka chilichonse komanso mtengo umene watsala m'mabuku.

Ndandandayi isanalembedwe pamafunika zinthu zitatu. Choyamba ndi mtengo wonse wogulira, kuphatikizapo ndalama zonyamulira, msonkho wa pachipata ngati ulipo, ndi zolipira amisiri oika makinawo pamalo pake. Chachiwiri ndi zaka zimene mwiniwake akuyembekeza kugwiritsa ntchito chipangizocho. Chachitatu ndi ndalama imene angadzapeze pochigulitsa zakazo zikatha. Ziwiri zomalizazi n'zongoyerekeza, choncho zimafuna munthu wodziwa nthaka ya kumaloko, kukula kwa munda ndi kasamalidwe ka dalaivala. Thirakitala yolima minda ya anthu ambiri pa ganyu siingakhale zaka zofanana ndi yolima munda umodzi wokha.

Tiyerekeze kuti kopaletivi ya alimi yagula thirakitala pa K56 miliyoni, n'kulipiranso K4 miliyoni poibweretsa ndi kuilembetsa. Mtengo wolowa m'mabuku ndi K60 miliyoni. Komiti yagwirizana kuti idzagwira ntchito zaka zisanu, kenako idzagulitsidwa pa K10 miliyoni.

Njira yoyamba ndi yochotsa mofanana chaka chilichonse. Pa K60 miliyoni amachotsapo K10 miliyoni yodzagulitsira ija, n'kutsala K50 miliyoni. Ndalama imeneyi ikagawidwa m'zaka zisanu, chaka chilichonse chimasenza K10 miliyoni. Palibenso china chowerengera.

Njira yachiwiri ndi yochotsa pa mtengo wotsala. Pano amasankha peresenti imodzi yosasintha, koma chaka chilichonse amaiwerengera pa mtengo umene watsala m'mabuku, osati pa mtengo wogulira. Ngati peresentiyo ndi 30, chaka choyamba chimachotsa K18 miliyoni, n'kusiya K42 miliyoni. Chaka chachiwiri 30 peresenti ija imawerengedwa pa K42 miliyoni, ndipo imapereka K12.6 miliyoni. Zimapitirira choncho, ndalama yochotsedwayo ikucheperachepera. Ndandanda ya njira zonse ziwiri, m'mamiliyoni a kwacha, imaoneka motere:

| Chaka | Mofanana: yochotsedwa | Mofanana: yotsala | Pa wotsala: yochotsedwa | Pa wotsala: yotsala |
|---|---|---|---|---|
| 1 | 10 | 50 | 18 | 42 |
| 2 | 10 | 40 | 12.6 | 29.4 |
| 3 | 10 | 30 | 8.82 | 20.58 |
| 4 | 10 | 20 | 6.17 | 14.41 |
| 5 | 10 | 10 | 4.32 | 10.09 |

Mzere womaliza ukuonetsa kuti njira ziwirizi zikuthera pafupifupi malo amodzi. Peresenti ya 30 yasankhidwa dala kuti ifikitse mtengo pafupi ndi K10 miliyoni, chifukwa njira yachiwiriyi payokha siifika pa ziro ngakhale patapita zaka zambiri. Motero kusiyana kwake sikuli pa ndalama yonse yochotsedwa, koma pa nthawi imene ikuchotsedwa. M'zaka ziwiri zoyambirira njira yoyamba yachotsa K20 miliyoni, pamene yachiwiri yachotsa K30.6 miliyoni.

Kusiyana kumeneku kumaonekera pa phindu limene mamembala amauzidwa pa msonkhano wa pachaka. Ngati m'chaka choyamba thirakitala yabweretsa K25 miliyoni atachotsa kale dizilo, malipiro a dalaivala ndi zokonzetsera, njira yoyamba ionetsa phindu la K15 miliyoni, yachiwiri K7 miliyoni yokha. Ndalama ya ku banki ndi yomweyo, pakuti kutsika kwa mtengo si ndalama yotuluka m'thumba chaka chimenecho. Koma phindu lolembedwa likakula, mamembala amafuna kugawana zambiri, ndipo apa ndi pamene kusankha njira kumakhudza tsogolo la gulu.

Kwa thirakitala ndi makina ena a injini, njira yochotsa pa mtengo wotsala ndiyo imayandikira zimene zimachitikadi. Makina otere amagwa mtengo kwambiri akadali atsopano: wogula salipira mtengo wa m'shopu pa thirakitala imene yalima kale nyengo imodzi. Komanso ndalama zokonzetsera zimayenda mosemphana ndi zimenezi. Chaka choyamba pamangofunika oyilo ndi mafyuluta, koma pofika chaka chachinayi matayala atha, kilatchi ikuvuta, mwinanso injini ikufuna kumasulidwa. Kutsika kwa mtengo kukamachepa pamene zokonzetsera zikukwera, katundu wa chaka ndi chaka amakhala wolingana, ndipo mtengo wolipiritsa pa ekala umakhazikika bwino. Njira yochotsa mofanana imayenera zinthu zimene zimatumikira chimodzimodzi chaka chilichonse, monga shedi, nyumba yosungiramo mbewu, thanki ya madzi kapena ngolo. Malo enieniwo, kutanthauza nthaka, nthawi zambiri salowa m'ndandanda imeneyi.

Chiyeso chenicheni chimabwera chipangizo chikagulitsidwa nthawi isanakwane. Kopaletivi ija itagulitsa thirakitala pa K33 miliyoni kumapeto kwa chaka chachiwiri, mabuku a njira yoyamba, amene akuti ndi ya K40 miliyoni, angaonetse kuluza kwa K7 miliyoni. Mabuku a njira yachiwiri angaonetse phindu la K3.6 miliyoni. Gulu likamaluza motere pafupifupi nthawi iliyonse imene lagulitsa makina, ndiye kuti ndandanda yake imachotsa mochedwa, kapena zaka zinaikidwa zochuluka.

Cholakwa chofala n'kusakaniza njira ziwirizi. Ena amawerengera 30 peresenti pa K60 miliyoni chaka chilichonse, ndipo pofika chaka chachinayi mtengo umapitirira pansi pa ziro. Ena amayamba achotsa K10 miliyoni yodzagulitsira asanaike peresenti, zimene zimachitika m'njira yoyamba yokha. Thirakitala yogulidwa pakati pa chaka cha mabuku imawerengedwa miyezi imene yakhalapo, ngati ndiyo ndondomeko ya gululo: miyezi isanu ndi umodzi ndi K5 miliyoni m'njira yoyamba, K9 miliyoni m'njira yachiwiri. Kuti wolemba mabuku adziwe ngati sanasokoneze, aphatikize zonse zochotsedwa kuyambira pachiyambi ndi mtengo wotsala. Yankho liyenera kukhala K60 miliyoni chaka chilichonse.

Lamulo la dziko lonse la kawerengedwe ka katundu wokhalitsa, lotchedwa IAS 16, limalola njira zonse ziwiri, malinga ngati yosankhidwayo ikugwirizana ndi mmene chipangizo chikuthera ndipo ikutsatidwa mosasinthasintha. Msonkho ndi nkhani ina. Bungwe la MRA silitengera ndandanda ya mwini bizinesi powerengera msonkho. Limatsata maperesenti ake amene ali m'malamulo a msonkho, choncho bizinesi yolipira msonkho imakhala ndi mawerengedwe awiri a chipangizo chimodzi.

Malire aakulu a njira zonse ziwiri ndi akuti zimawerengera pa mtengo wakale. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya makina ochokera kunja inakwera. Kopaletivi imene imasunga K10 miliyoni pachaka potsatira ndandanda ikhoza kupeza kuti K50 miliyoni yake, pamodzi ndi ndalama yogulitsira yakale, sizikukwana thirakitala yatsopano. Ndalama yosungira kugula ina iyenera kuwerengedwa padera, potengera mtengo umene ogulitsa makina akutchula chaka chimenecho.