Mchere Umasintha Bwanji Kuundana ndi Kuwira kwa Madzi

Madzi opanda kanthu amaundana pa madigiri 0 ndipo m'mbali mwa nyanja yamchere amawira pa madigiri 100. Mchere ukasungunukamo, tizidutswa take timasokoneza madzi kuti asagwirane msanga kukhala ayezi, komanso timachepetsa nthunzi yotuluka. Choncho madziwo amafuna kuzizira kwambiri kuti aundane, ndi kutentha kowonjezera kuti awire.

Chofunika ndi kuchuluka kwa tizidutswato, osati mtundu wake. Shuga sagawikana akasungunuka, koma mchere wa m'ndiwo umagawikana pawiri, sodiyamu ndi kolorayidi. Nambala yogawikanayi, i, ndi 2, ndipo kusinthaku kumawerengedwa motere: ΔT = i × K × m. Apa m ndi mamolo a mchere mu kilogalamu ya madzi; K ndi 1.86 poundana, koma 0.512 powira.

Magalamu 58.5 a mchere ndi molo imodzi. Mu kilogalamu ya madzi, masamu akupereka kuundana pa madigiri 3.72 pansi pa ziro, pomwe kuwira kumangokwera ndi digiri imodzi. Kunena zoona, poyeza zimachepera pang'ono, chifukwa tizidutswa tina timakokanabe. Kamchere ka m'mphika n'kochepa zedi moti sikafulumizitsa kuphika.