Tsiku lolipira invoisi lapitirira: mukumbutse bwanji?

Tiyerekeze kuti ndinu telala, ndipo munasokera sukulu ina yoyima payokha mayunifomu 40 pa mtengo wa K12,000 iliyonse. Invoisi ya K480,000 munaipereka pa 1 Juni, munagwirizana masiku 30, koma lero ndi pa 3 Julayi ndipo ku akaunti kuli zii.

Ambirife timachita manyazi kutchula ngongole. Timalemba kuti, "Bwana, ndimati ndingokupatsani moni," n'kumayembekezera kuti amva okha. Enanso timayamba kudandaula za lendi ndi fizi ya ana. Uthenga woyambawo sunena chilichonse, pomwe wachiwiriwo umasandutsa ndalama zimene munagwirira ntchito kukhala chithandizo chopempha, ndipo chithandizo munthu amapereka akafuna.

Invoisi ikachedwa ndi masiku awiri kapena atatu okha, musathamangire kuganiza kuti akukana kulipira. Mwina pepalalo lidakali pa desiki ya amene anaoda katunduyo, silinafike kwa akauntanti. Mwina mmodzi mwa osayinira cheke wachokapo, kapena nambala ya LPO, chikalata choodera katundu chija, simunailembe pa invoisi. Choncho chikumbutso choyamba chithandize akauntanti kupeza pepala lanu msanga ndi kukuuzani pamene pakola. Mutha kulemba motere:

"Zikomo mayi, ndikhulupirira muli bwino. Ndimafuna kukukumbutsani za invoisi nambala 147 ya K480,000, ya mayunifomu 40 amene tinapereka pa 1 Juni. Tsiku lolipira linali pa 1 Julayi, koma kufika lero ndalamayi sinaoneke ku akaunti yathu. Ndatumizanso invoisiyo pamodzi ndi pepala limene munasayina polandira katundu. Kodi pali chimene chikusowa kumbali yathu? Ngati palibe, chonde ndiuzeni tsiku limene tingayembekezere malipirowa. Ngati mwalipira kale, munditumizire umboni kuti ndifufuze ku banki. Zikomo."

Mawu oti "sinaoneke ku akaunti yathu" ndi osankha dala. Mukanati "simunalipire" mukanakhala mukuweruza, chikhalirecho mwina anatumiza dzulo kuchokera ku banki ina ndipo ndalamazo zili m'njira. Funso la tsiku nalonso ndi lofunika, chifukwa yankho loti "tikonza posachedwa" simungaligwire, koma akati "Lachisanu pa 11" muli ndi poyambira mukadzalembanso.

Za chiwongoladzanja kapena maloya zisatchulidwe pano. Kupepesa kobwerezabwereza nakonso n'kosafunika, simunalakwe. Ndipo musapereke nambala ya akaunti yatsopano m'chikumbutso, poti akauntanti wosamala adzaganiza kuti ndi akuba ndipo adzayimitsa malipiro mpaka atatsimikiza.

Uthengawo upite kwa amene amakonza malipiro, ndipo amene anaoda katundu alandireko kope. Kuimba foni n'kwabwino, koma mukatha kulankhula lembani pa imelo kapena pa WhatsApp tsiku limene mwagwirizana.